Penshoni ya amasiye: mapepala otsimikizira kuti ndinu mkazi, mwamuna kapena mwana wa malemu

Mwezi uno wokha ndafunsidwa funso limodzimodzi kanayi, kawiri kutchalitchi, kamodzi pamaliro, kamodzi pamsika wa Kapata ndikusankha tomato: "Abambo, amuna anga anali kudulidwa NAPSA, tsopano anatisiya. Ndiyambire pati?" Ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yosunga mafayilo a antchito pakampani ina muno mu Chipata, ndiye anthu amayesa ndili ndi makiyi a ndalamazo. Ndilibe makiyi. Ndangoona mafayilo ambiri, ena akuyenda, ena akugona m'kabati zaka, ndipo ndidziwa chimene chimawagoneka. Ndilemba kamodzi pano kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Mumve ichi poyamba. Mudzi wonse udziwa kuti munakhala ndi malemu zaka 20, munawadwazika, munagona pansi pamaliro awo. Kalaliki wa ku ofesi sanaliko. Iye aona pepala, ndipo pepalalo liyenera kuyankha mafunso atatu: kodi munthuyu anamwaliradi, kodi inu ndinu ndani kwa iye, ndipo kodi dzina lili apa ndi lomwelo lili apo.

1. Dziwani thumba limene malemu anali kusonkhako

Pezani pepala lawo la malipiro, ngakhale lakale, muone dzina limene lili pambali pa ndalama zodulidwa. Antchito ambiri, a m'makampani ndi a boma amene analembedwa ntchito kuyambira February 2000, ali ku NAPSA, bungwe la boma la penshoni, ndipo ofesi yake ilipo muno mu Chipata. Aphunzitsi ndi antchito a boma akale, olembedwa chaka cha 2000 chisanafike, ambiri ali ku PSPF, thumba la penshoni la antchito a boma. Antchito akale a khonsolo ali ku thumba lawo la LASF. Ngati imfa inachokera pa ngozi ya pantchito, palinso chipukutamisozi cha bungwe loona za ovulala pantchito, limene likulu lake lili ku Ndola, ndipo chimenecho ndi chapadera, sichichotsa penshoni. Pano ndikamba za NAPSA, koma umboni wa ubale umene amafuna kumathumba enawo ndi wofananako.

Pitani ndi chitupa cha malemu, chija ena amati reji, mukapemphe sitetimenti, pepala loonetsa mwezi uliwonse umene zosonkha zinalowa. Muwerenge miyeziyo. Ngati malemu anali kulandira kale penshoni, amasiye amalowa pa penshoni ya mwezi ndi mwezi. Ngati anali akali pantchito, mzere waukulu uli pa miyezi 60, ndipo amayang'ananso ngati m'miyezi 36 yomaliza munalowa zosonkha za miyezi 12. Zikaperewera, ndalama sizitayika, koma zimabwera kamodzi basi osati mwezi ndi mwezi. Palinso ndalama yothandizira maliro, imene anthu ambiri amaisiya chifukwa sanaimvepo. Muifunse tsiku lomwelo.

Mayi wina wa ku Mchini amene ndinamuthandiza, wa zaka 38, mwamuna wake anali dalaivala wa lole kuyambira 2014 mpaka pamene anamwalira mu 2022. Zaka 8 ndi miyezi 96, koma sitetimenti inaonetsa 71. Abwana anali kudula ndalama pamalipiro, miyezi ina osapereka. Mwayi wake, 71 inali pamwamba pa 60. Ikanakhala pansi, mapepala a malipiro aja anali m'chikwama pansi pa bedi ndiwo akanakhala mboni yoti ndalama zinadulidwa. Musawatenthe pamodzi ndi zovala za malemu.

2. Pepala la imfa

Imfa ya kuchipatala ilibe vuto kwenikweni. Dokotala amalemba pepala lonena chimene chapha munthu, khonsolo imapereka chilolezo choika maliro, ndipo ndi ziwirizi mumakalembetsa imfa ku ofesi ya zitupa kuti mupeze satifiketi ya imfa. Womwalirira kunyumba kapena panjira, amene thupi lafika kuchipatala atatha kale, amafunika lipoti la apolisi, lija anthu amati BID.

Dalaivala uja anamwalirira kumudzi kwawo, dera la Mfumu Madzimawe, ndipo anaikidwa mawa lake popanda pepala lililonse, monga timachitira kumudzi. Zikatero muyambire kwa anyakwawa. Alembe kalata yonena dzina lonse la malemu monga lilili pachitupa, nambala ya chitupa, tsiku la imfa ndi manda amene anagona. Kalatayo ipite kwa mfumu yaikulu ikadindidwe, kenaka kupolisi ndi ku ofesi ya zitupa. Muime pomwepo pamene mlembi wa anyakwawa akulemba. Kumudzi munthu amadziwika ndi dzina la mwana wake kapena la pabwalo, ndipo kalata yonena za imfa ya "a Tate ake a uje" ku ofesi ndi pepala wamba.

3. Adiminisitireta si mwini ndalama

Munthu akamwalira osasiya wilo, banja limasankha woyendetsa chuma chamasiye, uja timati adiminisitireta, ndipo khoti laling'ono, lija timati lokolo khoti, limamupatsa pepala lomuika pa udindowo. Chuma chikakhala chachikulu nkhani imapita kukhoti lalikulu. Pepalali mudzalifuna, makamaka pa ndalama zobwera kamodzi ndi za kuntchito.

Apa ndipo pamayambira ndewu, chifukwa anthu amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Ndalama za kuntchito ndi za kubanki ndi chuma chamasiye, ndipo lamulo la 1989 linachigawa kale: pa 100 iliyonse, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene malemu anali kuwasunga. Pa K100,000, namfedwa atenga K20,000, ana K50,000 mogawana molingana ndi misinkhu ndi sukulu zawo, makolo K20,000, osungidwa K10,000. Dzina la adiminisitireta mulibe m'magawowa. Iye ndi wonyamula mbale chabe.

Penshoni ya mwezi ndi mwezi siyenda njira imeneyo. Ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, basi. Mlongo wa malemu, mphwake, ngakhale malume amene kwathu kwa Achewa ndiye mwini mbumba, salowapo. Ngati alamu anu ndiwo asankhidwa, si mlandu, koma akaunti yolandirira penshoni ikhale m'dzina lanu. Ndipo palibe choletsa inu namfedwa kukhala adiminisitireta, nokha kapena pamodzi ndi wachibale wa malemu. Ine ndimalimbikitsa awiri, mmodzi kuchimuna mmodzi kuchikazi, chifukwa wina sangasaine mwakabisira. Wina akalanda chitupa cha malemu kapena katundu n'kukana kubweza, pitani kwa a Vikitimu Sapoti kupolisi. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu.

4. Umboni wa ukwati

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndipo mafayilo ambiri amagonera.

Ngati munakwatirana kwa khonsolo, kapena kutchalitchi kumene mbusa ali ndi chilolezo cha boma chomangitsa ukwati, muli ndi satifiketi ndipo nkhani yatha. Ikatayika, bwererani kumene munamangitsira, m'kaundula muli dzina lanu. Koma chenjerani ndi pepala la kudalitsa ukwati. Mipingo yambiri imadalitsa ukwati umene unachitika kale mwamwambo n'kupereka pepala lokongola la maluwa m'mbali. Pepala limenelo ndi mboni yothandiza, koma si satifiketi ya boma.

Ambiri a ife kuno kum'mawa tinakwatirana mwamwambo. Lamulo la Zambia limauvomereza ukwati wotere kwathunthu, ndipo lokolo khoti imapereka satifiketi yake anthu onse awiri ali moyo. Vuto ndi lakuti amene amakatenga ndi ochepa. Tsono mwamuna wapita, satifiketi palibe, mutsimikiza bwanji?

Mubwerere kumene ukwati unayambira. Ukwati wamwambo umaima pa zinthu ziwiri: mabanja awiri anagwirizana, ndipo zofunika za mwambo zinaperekedwa, kaya ndi ng'ombe za lobola kwa Angoni, kaya chimalo, kaya kambale kaja kofunsira mbeta. Amene anaona zimenezi ndi ankhoswe. Ndiye munthu woyamba kumufuna si loya, ndi nkhoswe. Ngati anamwalira, funani wamkulu wina amene anakhalapo tsikulo.

Mboni yolemera kwambiri ndi ya kuchimuna. Amayi anu akanena kuti munali pabanja, aliyense ati akuikira kumbuyo mwana wawo. Koma apongozi anu kapena mkulu wake wa malemu akalumbira kuti "uyu ndi mkazi wa m'bale wathu, tinakamutenga ife", palibenso wotsutsa. Chifukwa chake ndimauza amayi kuti pepala ili alipeze msanga, misozi isanaume, nkhani ya nyumba ndi mipando isanabuke. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi mutakanganirana firiji, mlamu yemweyo adzati sakukudziwani.

Mbonizo zilembe afidaviti. Afidaviti ndi kalata yolumbira: munthu amalemba zimene akudziwa, n'kukasaina pamaso pa wolumbiritsa, amene amapezeka kukhoti kapena kwa maloya, iye n'kudinda. Yabwino imanena dzina ndi nambala ya chitupa ya wolumbira, ubale wake ndi malemu, chaka ndi mudzi kumene ukwati unachitikira, zimene zinaperekedwa ndi amene analandira, ndiponso kuti ukwatiwo sunathe mpaka tsiku la imfa. Mzere womalizawu anthu amauiwala, chonsecho ndiwo ofesi ikufuna. Sakufunsa ngati munakwatiwapo, akufunsa ngati munali mkazi wake tsiku limene anamwalira.

Kwa mayi wa ku Mchini uja tinachita chonchi. Nkhoswe ya kuchimuna inali ikali moyo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Tinaikweza minibasi kubwera nayo ku boma, inalumbira kuti ukwati unachitika mu 2002 ndipo inatchula ndalama zimene zinaperekedwa. Anyakwawa analemba kalata yachiwiri, yosiyana ndi ya imfa ija, yotsimikiza ukwati, n'kudindidwa kwa mfumu. Pamsonkhano wa banja wosankha adiminisitireta tinaonetsetsa kuti m'zolemba za msonkhano mwalembedwa "mkazi wa malemu" pambali pa dzina lake, ndipo abale onse anasaina m'munsi. Pomaliza tinapita kuntchito kwa malemu kukapempha fotokope ya fomu imene analemba polowa ntchito, pamene anatchula mkazi ndi ana. Palibe limodzi mwa mapepala anayiwa limene likanaima lokha, koma onse ankanena chinthu chimodzi, ndi dzina limodzi, ndi chaka chimodzi.

Pali zinthu zitatu zimene muyenera kuzimva ngakhale zili zowawa. Choyamba, kukhalira limodzi si ukwati. Ngakhale mutakhala zaka 15 n'kubereka ana, ngati makolo sanakumane ndipo palibe chinaperekedwa, makhoti a m'Zambia sauwerenga ngati ukwati. Ana anu adzalandira, chifukwa ufulu wawo suchokera pa ukwati wanu, koma inu zidzavuta. Musanyengerere munthu kulumbira bodza, ndi mlandu kwa iye ndi kwa inu.

Chachiwiri, kupatukana si kusudzulana. Ngati munabwerera kwanu mutayambana koma ukwati sunathetsedwe, mukali mkazi wake. Ngati lokolo khoti inapereka pepala la chisudzulo, ndiye kuti munatuluka, ngakhale munabwerera kudzamudwazika.

Chachitatu ndi mitala. Pa ukwati wamwambo akazi onse ndi akazi, ndipo onse amalowa. Kubisa mkazi mnzanu sikukuonjezerani kanthu, chifukwa tsiku limene adzatulukire ndi mboni zake fayilo yonse idzaima. Koma ngati mwamuna anamanga ukwati wa kwa khonsolo ndi mkazi woyamba, ukwati umenewo sulola wachiwiri, ndipo wobwera pambuyo savomerezeka ngakhale ng'ombe zinapita. Nkhani yotere musalimbane nayo nokha, pitani ku ofesi ya boma yothandiza anthu pa milandu, ya Ligo Edi.

Abambo ofedwa, zonsezi ndi zanunso. Ndaona amuna akuchita manyazi kukafunsa penshoni ya akazi awo amene anali anamwino kapena aphunzitsi, ati anthu adzati chiyani. Lamulo likunena za wotsala, silisankha kuti ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ana akufuna fizi.

5. Umboni wa ana

Mwana amalandira mpaka zaka 18. Ngati akali pasukulu kapena kukoleji tsiku lonse, amapitiriza mpaka zaka 25. Mwana wolumala moti sangadzisamale yekha alibe malire a zaka, koma pamafunika lipoti la dokotala.

Pepala lamphamvu ndi satifiketi ya kubadwa yokhala ndi dzina la malemu ngati kholo. Ambiri tilibe. Chotsatira ndi pepala la kuchipatala limene mayi amapatsidwa atabereka, kenaka kadi ya sikelo. Kadi ya sikelo ija yothimbirira, yong'ambika m'makona, musaipeputse: ili ndi tsiku lobadwa ndi maina a makolo, ndipo inalembedwa kale kwambiri nkhani ya ndalama isanabwere, n'chifukwa chake imakhulupirika. Zonse zikasowa, wachibale wamkulu amalumbira afidaviti ya kubadwa, ndipo muiphatikize ndi kalata ya kusukulu kapena kadi ya ubatizo.

Tsopano maina. Mayi uja anali ndi ana atatu, a zaka 6, 14 ndi 19. Wa zaka 6 ndi wa 14 analibe vuto. Wamkuluyo anabadwira kwa agogo ake akuchikazi, ndipo pakadi ya sikelo anamulemba ndi chiwongo cha amayi ake. Kusukulu analembetsa ndi dzina loyamba la atate ake ngati dzina la bambo, monga ambiri amachitira. Pachitupa chimene anatenga atakwanitsa zaka 16 panali chiwongo cha atate. Mwana mmodzi, maina atatu. Kwa ife palibe chachilendo, koma kwa munthu amene akuyerekeza mapepala awa ndi ana atatu osiyana. Mankhwala ake ndi afidaviti ina yonena kuti maina onsewa ndi a munthu mmodzi, yotchula pepala lililonse ndi dzina limene lilipo. Chimodzimodzi ngati pena palembedwa Mbewe pena Mbeŵe kapena Mbebe, ngakhale tsiku lobadwa likasiyana. Yalani mapepala onse pamphasa musanapite ku ofesi, muwerenge chilembo ndi chilembo. Musafute kapena kukonza ndi bolopeni, pepala lofutidwa limakayikitsa kuposa lolakwika.

Popeza anali ndi zaka 19, anafunikanso kalata yodindidwa ya kukoleji yonena kuti ndi wophunzira wa tsiku lonse chaka chimenecho.

Ndiye panali mwana wachinayi wa malemu, wa ku Katete, amene mayiyu anamudziwira pamaliro. Anafuna kuti tisamutchule, ndipo ndinamumvetsa. Koma lamulo silisiyanitsa mwana wa m'nyumba ndi wa kunja, ndipo penshoni imagawidwa poona onse oyenera kulandira. Ndinamuuza kuti, "Amake mwana, mukamusiya lero, adzabwera mawa ndi amalume ake, ndipo ana anu adzadikira naye limodzi." Mwana wotere umboni wake ndi womwewo: dzina la malemu pakadi ya sikelo, kulumbira kwa abale a kuchimuna, ndipo ngati panali mlandu wa mimba kapena wa chisamaliro kukhoti, pepala la chigamulo ndi mboni yoposa zonse. Ngati namfedwa watsala ndi pathupi, anene poyambirira pomwe ndipo abweretse kadi ya kusikelo ya amayi oyembekezera.

Ana amene makolo onse awiri anapita amafunika wowayang'anira wodziwika ndi khoti. Agogo amene akuwasunga atenge mapepala a imfa a makolo onse awiri, osati a mwini penshoni yekha. Mwana wa mlongo amene malemu anali kungomulera, popanda pepala la khoti lomutenga kukhala wake, malo ake ali pa magawo 10 aja a chuma chamasiye.

6. Kukapereka

Tengani fomu ku ofesi, ndipo mupemphe mndandanda wa zofunika tsiku lomwelo kuti muchonge chimodzichimodzi. Kawirikawiri pamakhala chitupa cha malemu ndi chanu, umboni wa imfa, pepala la adiminisitireta, umboni wa ukwati ndi wa mwana aliyense, zithunzi zazing'ono za pasipoti, ndi akaunti ya kubanki. Mafotokope akadindidwe kwa wolumbiritsa, ndipo mapepala enieni muwanyamule kuti akaone, koma mubwerere nawo. Sungani fotokope ya zonse zimene mwapereka, mulembe tsiku, ndipo nambala ya foni imene mwalemba pafomu ikhale yanu, osati ya mlamu. Kufunsira penshoni sikulipiritsidwa. Munthu wokupezani panja n'kunena kuti mumupatse kangachepe akufulumizitsireni, mudutseni.

7. Ndalama zikayamba kubwera

Namfedwa amene wakwanitsa zaka 45, kapena amene akulera ana aang'ono a malemu, amalandira mpaka imfa kapena mpaka atakwatiwanso. Amene sanafike zaka 45 ndipo alibe mwana wa malemu amalandira zaka ziwiri zokha. Mayi wa ku Mchini anali ndi zaka 38, koma chifukwa cha ana aang'ono aja sanagwere m'gulu la zaka ziwiri.

Mawu akuti kukwatiwanso muwaganizire bwino abale akayamba kukamba zoti wina alowe chokolo. Mukavomera kukhala mkazi wa m'bale wa malemu mwamwambo, mwalowa ukwati wina, ndipo gawo lanu lingathere pomwepo. Kusudzulidwa kwa namfedwa pambuyo pa maliro ndi nkhani ina, sikukhudza penshoni.

Chaka ndi chaka pamakhala fomu yotsimikiza kuti wolandira akali moyo, ndipo kwa mwana wopitirira zaka 18, kalata yatsopano ya kusukulu. Ndalama zikangoleka kulowa mwadzidzidzi, musathamangire kuganiza kuti wina wakuberani. Yambani mwafunsa ngati limodzi la mapepala awiriwa silinathe nthawi. Mwana wamkulu wa mayi uja gawo lake linaima miyezi itatu chifukwa kalata ya chaka chachiwiri cha kukoleji inali m'buku lake la masamu, osaperekedwa.